Fomu ya Mauthenga Yokana Zinyalala Koma Yosataya Wogula

Gulu la alimi likatsegula webusayiti, chinthu chimene mamembala amachiyembekezera kwambiri ndi kafomu ka pa tsamba lomaliza, pamene mlendo amalemba dzina, nambala ndi zimene akufuna. Zithunzi za mbuzi ndi matumba a nandolo zimangokopa maso, koma malonda amalowera pa kafomu kaja. Nkhani ino ikupita kwa alembi a magulu, eni mabizinesi ang'onoang'ono ndi achinyamata amene amawapangira mawebusayiti kuno ku Midzemba ndi m'boma lonse la Neno, ndipo yatenga chitsanzo chongoyerekezera cha gulu loweta mbuzi lomwe latopa kudalira mavenda a pa Zalewa ndipo likufuna ogula a ku Blantyre azilipeza okha.

Pakangopita milungu yochepa chitsegulire fomu yotere, mlembi wa gulu amayamba kulandira mauthenga achilendo. Wina akutsatsa mankhwala, wina akulonjeza kukweza webusayitiyo pa Google, wina walemba m'zilembo za Chirasha. Ambiri mwa mauthengawa salembedwa ndi munthu. Amatumizidwa ndi mapulogalamu amene amayendayenda pa intaneti usana ndi usiku kufunafuna mafomu, ndipo akaipeza amadzaza mpata uliwonse n'kutumiza. Awa ndi amene amatchedwa maloboti, ndipo zimene amatumiza ndi sipamu. Salabadira kuti gululo ndi la ku Midzemba kapena ku Toronto, chifukwa kutumiza uthenga umodzi sikuwadyera ndalama.

Mlembi akadandaula, wopanga webusayiti amathamangira kutseka zitseko, ndipo vuto lenileni limayambira pamenepa. Zolakwa ziwiri zimene fomu ingachite sizilemera mofanana. Sipamu ikalowa, mlembi amataya masekondi angapo poifufuta. Uthenga wa mwini butchala wa ku Ndirande wofuna mbuzi 12 ukakanidwa, gulu lataya malonda, ndipo palibe amene adzadziwe kuti anatayika. Wogulayo amangoganiza kuti anthu a ku Neno sayankha, n'kuimbira wina. Sipamu imaoneka ndi maso ndipo imakwiyitsa, n'chifukwa chake imalimbanidwa nayo mwamphamvu. Uthenga wotayika suchita phokoso. Choncho fomu yabwino imamangidwa pa lamulo limodzi, lakuti makina asataye uthenga uliwonse paokha. Ntchito yawo ikhale ngati ya mayi wopeta mphale pa lichero, amene amagwetsera madeya pa mphasa kuti awaonenso ngati mwatsalira chimanga.

Chodabwitsa ambiri n'chakuti mauthenga enieni nthawi zambiri amasowa atadutsa kale pa fomu, ali pa ulendo wa imelo wopita kwa mwini. Munthu akadina batani lotumizira, seva ya webusayiti imalemba imelo n'kuipereka kuti ipite ku Gmail ya mlembi. Pa tsambalo pamatuluka mawu akuti uthenga wapita, koma mawu amenewo amangotanthauza kuti seva yalandira kalatayo kuti iitumize. Pulogalamu ya PHP yotchedwa `mail()`, yomwe mawebusayiti ambiri a WordPress amadalira, imavomera kuti zayenda bwino ngakhale kalatayo itakakanidwa kutsogolo.

Chimene chimaikanitsa kawirikawiri ndi mzere wa `From`, wosonyeza kumene kalata yachokera. Opanga mafomu akale ankaika pamenepo adiresi ya mlendo, kuti mlembi akadina `Reply` yankho lipite kwa wogula. Zimenezi zinkagwira ntchito mpaka mu Epulo 2014, pamene kampani ya Yahoo inalengeza, kudzera m'dongosolo la DMARC, kuti kalata iliyonse yonena kuti yachokera ku adiresi ya Yahoo koma sinadzere m'maseva ake izikanidwa. Kuyambira pamenepo, mafomu ambirimbiri padziko anayamba kutaya mauthenga a anthu a adiresi za Yahoo eni ake osadziwa. Kwa seva yolandira, kalata yochokera pa webusayiti ya gulu la mbuzi koma yodzitcha ya Yahoo ndi yachinyengo basi, ngakhale wolembayo akhale munthu wolungama. Mu Febuluwale 2024 Google ndi Yahoo anakhwimitsanso malamulo, moti aliyense wotumiza kalata ku Gmail ayenera kukhala ndi chitsimikizo cha SPF kapena cha DKIM.

Kukonza kwake n'kosavuta. Kalata ichokere ku adiresi ya domeni ya gulu lenilenilo, ndipo adiresi ya mlendo ipite pa mzere wina wopangidwira ntchito imeneyo:

```
From: Fomu ya Gulu <fomu@gululathu.example>
Reply-To: wogula@example.com
To: mlembi@gululathu.example
```

Mlembi akadina `Reply`, yankho limapitabe kwa wogula, ndipo palibe bodza lililonse pa kalatayo. Chotsatira ndi kuuza dziko kuti ndi maseva ati amene ali ndi chilolezo chotumiza makalata m'dzina la domeniyo. Imeneyi ndiyo ntchito ya SPF, mzere umodzi wolembedwa m'kaundula wa domeni wotchedwa DNS. Gulu limene makalata ake amadzera ku Google Workspace limalemba chonchi:

```
v=spf1 include:_spf.google.com ~all
```

Domeni imodzi iyenera kukhala ndi mzere umodzi wokha wa SPF. Zimachitika kuti kampani yosunga webusayiti inaika wake kale, wopanga webusayiti n'kuwonjezerapo wachiwiri, ndipo iwiri yonseyo imasiya kugwira ntchito. DKIM ndi chidindo chimene seva yotumiza imadinda pa kalata iliyonse, ndipo kampani ya imelo ndiyo imapereka mzere woyenera kuika. Kuti chidindocho chizidindidwa, fomu isatumize yokha kudzera pa `mail()`. Ilowe mu akaunti yeniyeni ya imelo ndi dzina ndi pasiwedi, kudzera pa SMTP, ndipo pa WordPress ntchitoyi imagwiridwa ndi mapulagini monga WP Mail SMTP.

Mlembi angathe kudzionera yekha ngati zonsezi zili bwino. Atumize uthenga pa fomu, autsegule mu Gmail pa kompyuta, adine timadontho titatu ta pakona n'kusankha `Show original`. Patsamba lotulukalo pamaoneka mizere ya SPF ndi DKIM, komanso wa DMARC ngati unaikidwa. Pakalembedwa `PASS` ndiye kuti kalata yayenda ndi zitupa zokwanira. Pakalembedwa `FAIL` kapena `SOFTFAIL`, wopanga webusayiti aitanidwe tsiku lomwelo, ngakhale kalatayo itafika, chifukwa yotsatirayo ingathe kusafika.

Komabe imelo, ngakhale yokonzedwa bwino, si yoti n'kuidalira yokha. Gmail yaulere ili ndi malo a 15 GB amene amagawana ndi Google Photos ndi Google Drive, ndipo mlembi amene foni yake imasunga yokha makanema a ukwati ndi a kwaya amatha kuidzaza osazindikira. Ikadzaza, makalata atsopano amabwezedwa. Kalata imene yagwera m'bokosi la `Spam` imafufutika yokha pakatha masiku 30. Pasiwedi ya SMTP ikasinthidwa, fomu imasiya kutumiza. N'chifukwa chake ntchito yoyamba ya fomu iyenera kukhala kusunga uthenga pa seva, m'nkhokwe ya webusayiti, ndipo imelo ibwere pambuyo ngati belu lodziwitsa kuti kwabwera mlendo. Ogwiritsa ntchito Contact Form 7, pulagini yotchuka ya Takayuki Miyoshi wa ku Japan, adziwe kuti payokha siisunga chilichonse: imelo ikalephera, uthengawo wapita. Mlengi wake anapanganso pulagini ina yaulere, Flamingo, yosunga uthenga uliwonse, kuphatikizapo umene wayesedwa sipamu. Kuiika n'kwa mphindi zochepa, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mawebusayiti ambiri amaperekedwa kwa eni ake popanda iyo.

Kusunga mayina ndi manambala a anthu kuli ndi udindo wake. Dziko la Malawi lili ndi lamulo la 2024 loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu, lomwe bungwe la MACRA limayang'anira. Pansi pa fomu palembedwe chiganizo chimodzi chonena kuti nambalayo ndi yoyankhira funso lokha, anthu olowa m'nkhokwe akhale awiri kapena atatu odziwika, ndipo mauthenga akale azifufutidwa.

Njira ya uthenga ikalimba chonchi, ndi pamene nkhani yochepetsa sipamu imayamba. Ambiri amathamangira ku CAPTCHA, mayeso aja osankha zithunzi za mabasi, njinga ndi maloboti a pamsewu. Otchuka kwambiri ndi reCAPTCHA, amene anayambira ku yunivesite ya Carnegie Mellon mu 2007 n'kugulidwa ndi Google mu 2009. Mayesowa amatchinga maloboti ambiri ndithu, koma mtengo wake amalipira ndi wogula. Zithunzi zimafuna netiweki yamphamvu ndipo zimadya bandulo. Munthu amene ali pa foni yaing'ono, pamalo pamene netiweki ya TNM kapena Airtel ikubwera n'kumapita, amatha kudikira zithunzi zosatuluka mpaka kutopa. Chiphaso chimene reCAPTCHA imapereka munthu akakhoza chimatha mphamvu pakadutsa mphindi ziwiri, moti wolemba pang'onopang'ono, amene anayamba ndi mayeso asanalembe uthenga, amauzidwa kuti ayambirenso. Munthu wosaona bwino amavutika koposa. Ndipo osipama olimbikira amalipira anthu ena tindalama tochepa kuti aziwayankhira mayesowo.

Palinso mtundu wosaonetsa zithunzi. Wa reCAPTCHA v3, wotuluka mu 2018, umapereka malikisi kuyambira 0.0 mpaka 1.0, ndipo mafomu ambiri amakana aliyense wosafika 0.5. Turnstile ya Cloudflare, ya mu 2022, nayo siionetsa zithunzi. Izi n'zabwinoko, koma zonse zimadalira JavaScript yochokera ku seva yakunja, imene ingalephere kutseguka pa netiweki yofooka kapena pa burawuza yosunga bandulo monga Opera Mini. Wozigwiritsa ntchito akonze kuti malikisi otsika, kapena kulephera kutseguka, zisamakanize uthenga koma zizingouika pambali.

Kwa gulu laling'ono, misampha itatu yosaoneka imagwira gawo lalikulu la ntchito popanda kuvutitsa munthu. Woyamba ndi mpata wobisika, umene munthu sauona koma loboti yowerenga khodi imauona n'kuudzaza:

```
<div style="position:absolute;left:-9999px" aria-hidden="true">
  <input name="website" tabindex="-1" autocomplete="off">
</div>
```

Mpatawu wakankhidwira kunja kwa sikirini, `tabindex` ikuletsa kuti munthu woyenda ndi kiyibodi agweremo, ndipo `aria-hidden` ikuuza pulogalamu yowerengera osaona kuti iudumphe. Uthenga ukafika mpatawu uli ndi mawu, mwina ndithu ndi loboti. Koma "mwina" ameneyu asaiwalike. Maburawuza amene amadzazira munthu dzina ndi adiresi, komanso mapulogalamu osunga mapasiwedi, nthawi zina salabadira `autocomplete="off"` ndipo amadzaza mipata yobisika. Choncho mpatawu usatchedwe `email`, `address` kapena `phone`, mayina amene burawuza imawathamangira.

Msampha wachiwiri ndi nthawi. Seva imalemba nthawi imene fomu yatsegulidwa n'kuiyerekeza ndi imene yatumizidwa. Munthu sangalembe dzina, nambala ndi uthenga m'masekondi atatu, pamene loboti imatero m'sekondi imodzi. Malire ofunika ndi a kufulumira okha. Mafomu ena amakananso amene wachedwa kwambiri, ndipo zimenezi kuno n'zowononga, chifukwa foni imazima pakati pa uthenga, munthu n'kukaitchaja pa sola ya mnansi, n'kudzamaliza madzulo.

Wachitatu ndi kuwerenga mauthenga ochokera pa adiresi imodzi ya IP. Mabuku ambiri amalangiza kutseka adiresi imene yatumiza kangapo pa ola. Malangizowa amaiwala kuti makampani a mafoni amagawira makasitomala ambirimbiri adiresi imodzi nthawi imodzi, mwa njira yotchedwa CGNAT. Tsiku limene gulu lalengeza pa wailesi kuti lili ndi mbuzi, ogula enieni angapo angathe kuoneka ngati munthu mmodzi. Kutseka maiko athunthu nako n'koopsa. Boma la Neno lachita malire ndi Mozambique, ndipo mwana wa mudzi uno amene ali ku Joni angafune kugulira makolo ake mbuzi ya Khirisimasi.

Popeza msampha uliwonse umalakwa nthawi zina, pasakhale umodzi wogamula wokha. Uliwonse uzipereka mapointi. Poyambira, gulu lingaike 3 pa mpata wobisika wodzazidwa, 2 pa kutumiza masekondi atatu asanakwane, 2 pa uthenga wokhala ndi malinki oposa awiri, ndi 1 pa adiresi ya IP imene yatumiza koposa kakhumi pa ola. Uthenga wosafika mapointi 3 upite kwa mlembi nthawi yomweyo. Wofika 3 kapena kuposa usungidwe m'bokosi la zokayikitsa. Manambalawa si lamulo, ndi poyambira chabe, ndipo amasinthidwa malinga ndi zimene zikupezeka m'bokosimo.

Mauthenga atatu a Lolemba limodzi akusonyeza mmene dongosololi limayendera. Woyamba wafika usiku, mpata wobisika wadzazidwa, watumizidwa m'sekondi imodzi ndipo uli ndi malinki asanu. Mapointi ake ndi 7, wapita m'bokosi la zokayikitsa, mlembi sanasokonezedwe tulo.

Wachiwiri ndi wa mwini butchala uja. Alibe imelo, wangosiya nambala, ndipo walemba m'zilembo zazikulu zokhazokha: "MWADZUKA BWANJI BAMBO NDIKUFUNA MBUZI 12 LOWERUKA MUNDIIMBILE." Wamutengera mphindi zinayi. Adiresi yake ya IP inali itatumiza kale kambiri, choncho walandira pointi 1, ndipo uthenga wafika. Fomu yokana zilembo zazikulu, yokana uthenga waufupi, kapena yokakamiza imelo, ikanamutaya.

Wachitatu ndi umene umaphunzitsa zambiri. Wachokera kwa wogwira ntchito ku bungwe lofuna mbuzi zogawira mabanja. Walemba pa kompyuta ya ku ofesi, burawuza yamudzazira mipata yonse kuphatikizapo wobisika uja, ndipo waika malinki atatu a mapepala a tenda. Mapointi ake ndi 5, ndipo makina amuyesa loboti. Pa fomu yotaya zokayikitsa, malonda aakulu kuposa onse a chaka akanathera pomwepo. Pano uthengawo uli m'bokosi, ndipo madzulo alionse seva imatumizira mlembi imelo imodzi yokhala ndi dzina ndi mawu oyamba a uthenga uliwonse wokayikitsa. Mlembi aona dzina la bungwe pakati pa zotsatsa mankhwala, atsegula, aimba foni Lachiwiri m'mawa. Kenako auza wopanga webusayiti kuti asinthe dzina la mpata wobisika. Kuwerenga mndandanda wotere kumatenga mphindi imodzi kapena ziwiri, bola pakhale munthu wodziwika amene ndi ntchito yake, ndi wina womulowa m'malo akapita ku maliro kapena akadwala.

Kamangidwe ka mipata yooneka nako kamataya anthu mwakachetechete. Mipata itatu ndi yokwanira: dzina, njira yoyankhira ndi uthenga. Njira yoyankhirayo ivomere nambala ya foni kapena imelo, chilichonse chimene munthu ali nacho, chifukwa ogula ambiri kuno amakhala pa WhatsApp ndipo imelo anaitsegula tsiku logula foni lokha. Nambala ivomerezedwe mmene anthu amailembera: yoyamba ndi 088 kapena 099, yoyamba ndi +265, yokhala ndi mipata pakati, komanso ya +258 ya ku Mozambique ndi ya +27 ya ku South Africa. Mpata wa dzina usakane kachizindikiro ka m'mayina monga Ng'oma, kapena chilembo cha ŵ. Kusefa potengera mndandanda wa mawu oletsedwa kusiyidwe, chifukwa mawu onena za ngongole, mtengo wotsika kapena zaulere amapezekanso m'makalata a ogula enieni. Ndipo fomu ikapeza cholakwika, inene m'Chichewa chomveka kuti cholakwika ndi chiti, osafufuta zimene munthu walemba kale ndi chala chimodzi.

Pali chinthu china chooneka ngati ulemu koma choopsa, chomwe ndi kutumizira mlendo kope la uthenga wake pa imelo imene walemba. Wosipama amalemba adiresi ya munthu wina pamenepo, n'kuika zotsatsa zake mu uthenga, ndipo seva ya gulu imamutumizira sipamu yake m'dzina la gulu. Chinyengo chofanana ndi ichi chinavutitsa dziko kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kudzera mu pulogalamu ya FormMail, imene inkalola kuti adiresi yolandira isinthidwe ndi mlendo. Mapeto ake domeni ya gulu imadziwika ngati yotumiza zinyalala, ndipo makalata ake enieni amayamba kukanidwa. M'malo mwake, munthu akatumiza aonetsedwe pa sikirini nambala ya uthenga wake, masiku amene ayembekezere yankho, ndi nambala ya foni ya gulu yoti aimbe ngati yankho silinabwere. Adiresi yolandira ilembedwe pa seva, osati m'khodi ya tsamba, ndipo seva ichotse zizindikiro zodumphira mzere pa chilichonse cholowa pa `Reply-To` kapena pa mutu wa kalata, chifukwa ndi mmene osipama amalowetsera mzere wa `Bcc` wa adiresi zawo.

Chotsala ndi kudziwa msanga fomu ikafa. Imafa pulagini ikasinthidwa, malipiro a domeni akaiwalika, kapena mlembi wakale akachoka ndi pasiwedi. Chizindikiro chake chimapusitsa: bokosi limangokhala chete, ndipo anthu amasangalala kuti sipamu yatha. Sipamu ikatha mwadzidzidzi pamodzi ndi mauthenga onse, fomu iyesedwe tsiku lomwelo. Kupatula apo, mlungu uliwonse membala mmodzi atumize uthenga woyesera pa foni yake, pa bandulo yake, sabata ino pa TNM, sabata yamawa pa Airtel, ndipo mlembi atsimikize kuti waupeza m'malo awiri, m'nkhokwe ndi mu imelo. Kumapeto kwa mwezi awerenge mauthenga osakayikitsa a m'nkhokwe n'kuwayerekeza ndi maimelo amene analandira. Ngati m'nkhokwe muli 40 koma mu imelo muli 34, mauthenga 6 atsalira panjira ya imelo, ndipo mayina ndi manambala a eni ake akadali m'nkhokwe kuti aimbiridwe foni. Ngati m'nkhokwe momwemo mulibe uthenga woyesera uja, vuto lili pa fomu yeniyeniyo, ndipo wopanga webusayiti ayambe kuona pulagini imene inasinthidwa komaliza.